Mlombwa, Mbatata ndi Mbozi: Kuwerenga Mayina a Chilatini

Kuno ku Chifunde tili pafupi ndi malire a mayiko awiri, Zambia ndi Malawi. N'chifukwa chake chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi mayina angapo. Taganizani za mtengo uja umene umatuluka madzi ofiira ngati magazi mukautema, umene akalipentala amaukonda popanga zitseko. Ife timati mlombwa. Munthu wochokera ku Maputo amati umbila. Mukadutsa pa Kasakatiza n'kulowa m'Zambia, mumva ena akuti mukwa. Mtengo ndi umodzi womwewo, koma anthu atatuwa akhoza kukangana tsiku lonse osamvana.

Mtengo umenewu uli ndi dzina lina limene silisintha, kaya muli ku Tete, ku Chipata, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja. Dzinalo ndi *Pterocarpus angolensis*.

Mwina mayina otere munawaonapo kale. Amapezeka pa paketi ya mbewu, pa botolo la mankhwala a mbozi ndi pa mapepala a alangizi a zaulimi. Amalembedwa ndi zilembo zopendekeka, ndipo ambiri timangowalumpha poganiza kuti ndi za anthu a sukulu zapamwamba. Musawalumphenso. Dzina lotere lili ndi mawu awiri okha basi, ndipo liwu lililonse lili ndi zimene likukuuzani.

## Liwu loyamba ndi mfunda, lachiwiri ndi mtundu

Mukakumana ndi mlendo, mumafunsa kuti, "Mfunda wanu ndani?" Akati ndi a Phiri, mwadziwa mbali imene akuchokera. Koma a Phiri ndi ambiri. Mumafunsanso dzina lawo kuti mudziwe kuti ndi a Phiri ati.

Mayina a Chilatini amayenda chimodzimodzi. Liwu loyamba lili ngati mfunda, umene ena amati chiwongo. Limasonkhanitsa zomera kapena nyama zimene zili pachibale chapafupi. Akatswiri amalitcha jenasi. Liwu lachiwiri limaloza mtundu umodzi pakati pa abalewo. Mtundu umenewu akatswiri amautcha sipishizi. M'nkhani ino tizingoti mfunda ndi mtundu.

Choncho pa dzina la mlombwa, *Pterocarpus* ndi mfunda, ndipo *angolensis* ndi liwu lotiuza kuti ndi mtundu uti.

Mlombwa uli ndi mbale wake amene dzina lake munalimvapo, mtengo wa nkula, umene ku Zambia amati mukula. Dzina lake ndi *Pterocarpus tinctorius*. Mwaona? Liwu loyamba ndi lomwe lija, lachiwiri lasintha. Mitengoyi ndi ya mfunda umodzi, koma ndi mitundu iwiri. Kusiyana kumeneku si nkhambakamwa ayi. M'chaka cha 2018 boma la Mozambiki linaletsa kudula nkula chifukwa unkatha m'nkhalango, ndipo lamulolo linatchula mtengowo ndi dzina la Chilatini kuti pasakhale wonamizira kuti kwawo amautcha dzina lina.

Pali malo amodzi pamene fanizo la mfunda limaperewera. Dzina la munthu limaloza munthu mmodzi. Dzina la Chilatini limaloza mtundu wonse. Mlombwa uliwonse, wa ku Nsadzu kapena wa ku Mwaladzi, waung'ono kapena waukulu, ndi *Pterocarpus angolensis*.

Kalembedwe kake kali ndi malamulo atatu osavuta. Mfunda umayamba ndi chilembo chachikulu. Liwu lachiwiri limayamba ndi chilembo chaching'ono nthawi zonse. Ndipo mawu onse awiri amasindikizidwa mopendekeka. Mukamalemba pamanja, mumangodula mzere kunsi kwake. Mukadziwa malamulo amenewa, dzina lotere mulipeza msanga ngakhale pa pepala la Chipwitikizi kapena la Chingerezi limene simukulimva.

## Anayambitsa ndani?

Kale akatswiri a ku Ulaya ankatchula chomera ndi chiganizo chachitali chofotokoza masamba, maluwa ndi mizu yake. Aliyense ankalemba mwakemwake, ndipo kumvana kunali kovuta. Katswiri wina wa ku Sweden, dzina lake Carl Linnaeus, ndiye anakhazikitsa njira ya mawu awiri. M'chaka cha 1753 anatulutsa buku limene anapatsa zomera mayina otere, ndipo m'chaka cha 1758 anachita chimodzimodzi ndi nyama.

Anagwiritsa ntchito Chilatini chifukwa ndicho chinenero chimene anthu ophunzira a mayiko osiyanasiyana ankalemberana masiku amenewo. Chilatini ndi mayi wake wa Chipwitikizi. Lero palibe mtundu wa anthu umene umayankhula Chilatini pakhomo. Mawu ena a m'mayinawa anachokera ku Chigiriki, ena ku mayina a anthu ndi a malo, koma onse anawaveka malaya a Chilatini.

## Kuwerenga kwake

Musachite manyazi ndi katchulidwe. Ngakhale akatswiri a mayiko osiyana amatchula mosiyana. Ife a Chinyanja tili ndi mwayi, chifukwa a, e, i, o, u tikhoza kuziwerenga monga timaziwerengera m'chinenero chathu.

Dulani liwu m'zidutswa, monga munkachitira poyamba kuwerenga. Yambani ndi chimanga, chimene dzina lake ndi lalifupi: *Zea mays*. Ze-a, ma-is. Kenaka yesani mlambe: *Adansonia digitata*. A-dan-so-ni-a, di-gi-ta-ta. Mwatha!

Kumbukirani zinthu ziwiri. Chilembo c chikatsogozana ndi a, o kapena u chimamveka ngati k. Ndipo ph amamveka ngati f, osati monga pa dzina la Phiri.

Chofunika kwambiri si pakamwa koma maso. Ngati mungathe kukopera dzinalo papepala, chilembo ndi chilembo, n'kulifananiza ndi lina, ndiye kuti dzinalo likugwirani ntchito.

## Kodi mawuwa ali ndi tanthauzo?

Eya, ambiri ali nalo. *Pterocarpus* amatanthauza chipatso cha phiko. Mukatola chipatso cha mlombwa muona kuti n'chozungulira, chili ndi minga pakati, ndipo m'mbali mwake muli chinthu chopyapyala chonga phiko. Nkula nawo chipatso chake chili ndi phiko. Liwu lakuti *tinctorius* likunena za utoto, chifukwa mtengo wa nkula umapereka utoto wofiira. Pa dzina la mlambe, *digitata* likunena za zala, poti tsamba la mlambe limatambasuka ngati zala za dzanja.

Koma chenjerani, tanthauzo la liwu lachiwiri likhoza kukusokeretsani. Liwu lakuti *angolensis* limatanthauza wa ku Angola. Izi sizikutanthauza kuti mlombwa ndi mlendo kuno. Kungoti amene anaupatsa dzina anaudziwira ku Angola. Mlombwa ndi wathu kuyambira makolo.

Chinanso, liwu lachiwiri silikhala palokha, ndipo silisonyeza chibale. Njovu ndi *Loxodonta africana*. Mvunguti, mtengo uja wa zipatso zazitali zolendewera, ndi *Kigelia africana*. Zonse ziwiri zili ndi *africana*, kutanthauza za mu Afirika. Kodi njovu ndi mvunguti ndi pachibale? Ayi ndithu. Zili ngati a Yohane Banda ndi a Yohane Phiri, dzina n'lofanana koma mfunda ndi wosiyana. Mukafuna chibale, yang'anani liwu loyamba.

## Zimene mfunda ungakuuzeni: nkhani ya mbatata ziwiri

M'chinenero chathu tili ndi mbatata ziwiri. Pali mbatata ya kholowa, ndipo pali mbatata ya kachewere, imene ena amati mbatatesi, ija imalimidwa kwambiri ku Angoniya ndi ku Tsangano. Poti zonse timati mbatata, munthu angaganize kuti ndi pachibale. Tiyeni tiwerenge mayina.

Mbatata ya kholowa ndi *Ipomoea batatas*.
Mbatata ya kachewere ndi *Solanum tuberosum*.
Matimati ndi *Solanum lycopersicum*.
Mabilinganya ndi *Solanum melongena*.

Mwaona zimene zachitika? Mbatata ziwirizi si pachibale. Mbale weniweni wa kachewere ndi matimati ndi mabilinganya.

Ngati mukukayika, pitani kudimba mukaone maluwa. Duwa la matimati ndi duwa la kachewere onse ali ngati nyenyezi ya nsonga zisanu, ndipo pakati pali kanthu kachikasu kosongoka. Duwa la kholowa ndi lina, lili ngati fanelo yothirira mafuta m'botolo. Akatswiri poika zomera mu mfunda umodzi amayang'ana kwambiri maluwa ndi zipatso. Sayang'ana dzina la pamsika kapena kakomedwe kake mumphika.

Nanga zimenezi zikuthandizani bwanji? Abale amadwala matenda ofanana. Pali chiwawu china chimene chimabwera nthawi ya mvula ndi chisanu, masamba n'kuda ngati awauka ndi moto. Chiwawu chimenechi chimagwira kachewere ndi matimati omwe. Chimatsala mu mbatata zimene munaziiwala m'nthaka pokumba, ndipo zikamera chimafalikira ndi mphepo. Choncho mukachotsa kachewere n'kubzala matimati pamalo omwewo, simunachite kasinthasintha wa mbewu. Mwangochotsa mkulu n'kuikapo mng'ono wake. Mbatata ya kholowa siigwidwa ndi chiwawu chimenechi. Chimanga ndi nyemba nazonso sizigwidwa.

Alimi a fodya, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Fodya ndi *Nicotiana tabacum*. Mfunda wake ndi wina, koma akatswiri amasonkhanitsanso mifunda yoyandikana kukhala banja limodzi lalikulu, ndipo *Nicotiana* ndi *Solanum* ali m'banja limodzi. N'chifukwa chake alangizi amaletsa kuika nazale ya fodya pamene panali matimati kapena kachewere.

## Zimene mfunda sungakuuzeni

Mvetsetsani bwino apa, chifukwa pakhoza kutayika moyo. Mfunda sukuuzani ngati chinthu chimadyedwa.

Nthula mumazidziwa, tizipatso tija tachikasu tomera m'mbali mwa njira ndi m'madambo modyera ng'ombe. M'mabuku ambiri nthula zimalembedwa *Solanum incanum*. Ndi abale a matimati ndi mabilinganya, ndipo duwa lake ndi nyenyezi yomwe ija. Koma nthula n'zapoizoni, ndipo mwana akadya akhoza kudwala kwambiri.

Ngakhale kachewere yemweyo sadyedwa paliponse. Nthawi zina amabereka tizipatso tobiriwira tonga matimati aang'ono. Tizipatso timeneti n'tapoizoni. Mbatata imene yabiriwira chifukwa chokhala padzuwa nayonso si yabwino kudya.

Choncho wina akakuuzani kuti, "Idyani, ndi mbale wake wa chakuti," musavomere msanga. M'banja limodzi mumatha kubadwa m'busa ndi wakuba. Mfunda umakuuzani kuti zinthu ziwiri n'zofanana pa zambiri. Koma kuti mudziwe chenicheni chimene chili m'manja mwanu, pafunika liwu lachiwiri.

## Liwu lachiwiri ndi mbozi ya m'chimanga

Tsopano tiyeni kumunda wa chimanga, kumene liwu lachiwiri limakhudza nkhokwe ndi thumba lomwe.

Makolo athu ankaidziwa ntchemberezandonda. Ndi mbozi imene imabwera mwakamodzikamodzi, kawirikawiri mvula ikagwa pambuyo pa ng'amba. Imabwera mwaunyinji, yakuda, ya mizere m'mbali, ndipo imayenda chigulu poyera masana. Imadya udzu, chimanga, mapira ndi mawere, kenaka patapita masiku n'kuzimiririka. Dzina lake ndi *Spodoptera exempta*. Imeneyi ndi ya mu Afirika muno.

M'chaka cha 2016 kumadzulo kwa Afirika kunapezeka mbozi ina yochokera ku Amereka. Pofika 2017 inali italowa m'Mozambiki, m'Malawi ndi m'Zambia. Poti inalibe dzina m'chinenero chathu, ambiri anangoitchanso ntchemberezandonda. Ena amangoti mbozi ya m'chimanga. Pa mapepala a Chipwitikizi imalembedwa kuti lagarta do funil do milho. Dzina lake la Chilatini ndi *Spodoptera frugiperda*. Liwerengeni pang'onopang'ono: Spo-do-pte-ra, fru-gi-per-da. Liwu lachiwirilo limatanthauza wowononga zokolola.

Ikani mayina awiriwa pamodzi.

*Spodoptera exempta*
*Spodoptera frugiperda*

Mfunda ndi umodzi. Zimenezi zikukuuzani kuti zimafanana pa zambiri. Zonse ziwiri ndi ana a gulugufe wouluka usiku. Gulugufeyo amaikira mazira mulu pa tsamba, mazira n'kuswa mbozi, mbozi ikakhwima n'kulowa m'nthaka, n'kutulukamo ili gulugufe.

Liwu lachiwiri ndi losiyana, ndipo khalidwe lake n'losiyananso. Yachilendoyi siyenda chigulu poyera m'munda wa chimanga. Imabisala mumtima mwa chimanga, pamene masamba atsopano amatulukira. Zikakula zimadyana zokhazokha, choncho mu phesi limodzi mumapeza imodzi kapena ziwiri. Siizimiririka ngati inzake ija. Kukamatentha, kuchokera pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso mazira pamapita pafupifupi mwezi umodzi, motero m'nyengo imodzi ya chimanga mumabadwa mibadwo ingapo. Chimanga chikabereka, imalowanso mu chisononkho.

Mungaizindikire ndi zizindikiro zitatu. Choyamba, pamutu pake pali chizindikiro choyera chonga chilembo Y chozondoka. Chachiwiri, chakumchira kuli madontho anayi akuda oikidwa ngati ngodya zinayi za nyumba. Chachitatu, mumtima mwa chimanga mumakhala ndowe zambiri zonga utuchi wonyowa.

Palinso mbozi yachitatu, kapuchi, imene imaboola phesi n'kumadyera m'kati. Kumalo okwera kapuchi amene amavuta kwambiri ndi *Busseola fusca*. Taonani liwu loyamba. Si *Spodoptera* ayi. Ameneyu ndi wa mfunda wina, ndipo zizindikiro ziwiri zoyamba zija alibe.

## Tiyeni tiyesere limodzi

Tiyerekeze kuti muli ndi munda ku Mwaladzi, ndipo chimanga chanu sichinafike m'mawondo. Mwaona masamba obooka. Mutani?

Yambani ndi kuona mbozi yeniyeniyo. Pitani m'mamawa, tsegulani mtima wa chimanga chobookacho, itulutseni n'kuiika pa tsamba. Yang'anani mutu ndi kumchira. Mwapeza Y wozondoka, madontho anayi ndi utuchi. Tsopano mukudziwa mdani wanu. Lembani pa kapepala mawu awiri aja, *Spodoptera frugiperda*, mosamala chilembo ndi chilembo.

Kenaka werengani kuchuluka kwake. Alangizi amaphunzitsa kuyenda m'munda mokhotakhota ngati chilembo W, kusiya mizere ya m'mphepete. Imani malo 5, ndipo pamalo aliwonse yang'anani mapesi 10. Onse pamodzi akhala mapesi 50. Tinene kuti mwapeza mapesi 14 ali ndi mabala atsopano. Malangizo amene alimi ang'onoang'ono amapatsidwa amati chimanga chikadali chaching'ono chonchi, mapesi 10 mwa 50 akagwidwa ndi nthawi yochitapo kanthu. Inu mwapeza 14, ndiye kuti mwapitirira.

Ngati munda ndi waung'ono, manja amathandiza. Tswanyani milu ya mazira imene mwaiona pa masamba, ndipo tolani mbozi n'kuzipha. Muzichita zimenezi kawiri pa sabata.

Ngati mwaganiza zogula mankhwala, tengani kapepala kanu kaja. Tinene kuti wogulitsa wakuonetsani mabotolo atatu, ndipo onse akuti ndi a mbozi. Limodzi lachokera ku Zambia ndipo lalembedwa m'Chingerezi, awiri alembedwa m'Chipwitikizi. Musade nkhawa ndi chinenero. Funani zilembo zopendekeka pa chipepala chomata pa botolo kapena pa kapepala ka malangizo.

Pa botolo loyamba mwapeza *Busseola fusca* yekha. Mfunda sukugwirizana ndi wa pa kapepala kanu. Pa lachiwiri mwapeza *Spodoptera exempta*. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, poti liwu loyamba likufanana. Pitirizani kuwerenga mpaka kumapeto, muona kuti lachiwiri ndi lina. Pa botolo lachitatu mwapeza *Spodoptera frugiperda*. Mawu onse awiri agwirizana. Limeneli ndi limene opanga ake alemba kuti ndi la mbozi yanu, ndipo muyeso umene alemba pamzere umenewo ndi wa mbozi yanu.

N'zoona kuti mankhwala ena amapha mbozi za mitundu ingapo. Koma inu simungadziwe zimenezo pongoyang'ana botolo. Chimene mungadalire ndi dzina lolembedwa. Ndipo mankhwala ogulitsidwa m'kabotolo ka zakumwa kopanda chipepala alibe dzina lililonse, la mankhwala ngakhale la mbozi. Amenewo asiyeni.

Dzinali likuuzaninso kathiridwe. Poti mwadziwa kuti ndi mbozi yobisala, kupopera pamwamba pa masamba pokha n'kutaya ndalama. Mankhwala ayenera kulowa mumtima mwa chimanga, ndipo nthawi yabwino ndi madzulo kapena m'mamawa, mbozi zikadali zazing'ono. Tsatirani muyeso wolembedwa, valani zodzitetezera, ndipo pamene simukumvetsa funsani alangizi. Mukawaonetsa kapepala kanu, adziwa msanga chimene mukunena, ngakhale iwo atakhala ochokera ku Nampula osadziwa Chinyanja.

## Tizilembo tina timene mudzakumana nato

Nthawi zina mfunda amaudula n'kusiya chilembo choyamba ndi kadontho, monga *S. frugiperda*. Amatero ngati dzina lonse alilemba kale pamwamba. Bwererani m'mbuyo mukaone kuti S ameneyo akuimira chiyani, chifukwa m'nkhani ino yokha muli ma S awiri, *Solanum* ndi *Spodoptera*.

Mukaona *Spodoptera* spp., akunena mitundu ingapo ya mu mfunda umenewo. Mukaona sp. ya p mmodzi, akunena mtundu umodzi umene sanautchule dzina.

Nthawi zinanso kumapeto kwa dzina kumakhala chilembo kapena dzina losapendekeka, monga *Zea mays* L. Ameneyo ndi munthu amene anapereka dzinalo. L. akuimira Linnaeus uja. Pa ntchito ya kumunda mukhoza kungomulumpha.

Pa paketi ya mbewu mudzaonanso dzina lina la kampani kapena manambala. Limenelo ndi dzina la mbewu, osati la mtundu. Chimanga cha makolo, cha haibulidi, choyera ndi chachikasu, chonse ndi *Zea mays*. Dzina la Chilatini silikuuzani ngati mbewuyo imacha msanga kapena imapirira ng'amba. Zimenezo muzipeza pa dzina la mbewu.

## Mayina amasinthanso

Tinanena kuti dzina la Chilatini silisintha mukaoloka malire. Koma pakapita zaka likhoza kusintha. Akatswiri akafufuza bwino n'kupeza kuti chomera anachiika mu mfunda wolakwika, amachisamutsa.

Chitsanzo ndi msangu, mtengo uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kumanyowetsa chonde m'munda wa chimanga. M'mabuku akale ndi *Acacia albida*. M'mabuku atsopano ndi *Faidherbia albida*. Mtengo ndi womwewo. Mfunda ndi umene unasintha, liwu lachiwiri linatsala. Matimati nawo pa mapaketi ena amalembedwabe ndi dzina lakale, *Lycopersicon esculentum*. Choncho mukapeza mayina awiri osiyana a chinthu chimene mukuchidziwa, musafulumire kunena kuti wina wanama. Mwina pepala limodzi ndi lakale.

Ndipo dzina la Chilatini silichotsa dzina lathu. Amene amadziwa kuti mlombwa umamera pati, kuti msangu umayoyola liti ndi kuti nthula sizidyedwa, ndi inu ndi agogo anu. Dzina la Chilatini ndi mlatho wofikitsa nzeru zimenezo kwa munthu wa chinenero china, ndi kubweretsa zake kwa inu. Mu kope lanu muzilemba onse awiri moyandikana, la Chinyanja kumanzere, la Chilatini kumanja.

## Yesani nokha

Masau, amene amagulitsidwa kwambiri m'misika ya ku Tete, ndi *Ziziphus mauritiana*. Kankhande, mtengo uja wa minga yokola zovala, ndi *Ziziphus mucronata*. Koperani mayina awiriwa mu kope lanu, mudule mzere kunsi kwake, kenaka yankhani mafunso awa.

Kodi mfunda ndi liwu liti?
Kodi masau ndi kankhande ndi pachibale? Mwadziwa bwanji?
Kodi ndi mtundu umodzi kapena iwiri?

Mukayankha, pitani mukathyole kanthambi ka masau ndi ka kankhande, muziike pamodzi. Yang'anani masamba, muona mitsempha itatu yochokera patsinde pa tsamba. Yang'anani minga ndi kanthanga kolimba ka m'kati mwa chipatso. Werengani zimene zikufanana ndi zimene zikusiyana, kenaka mukauze anzanu a m'kalasi zimene mwapeza.